Chotupa chaching'ono ndicho chinkawamaliza magazi

Mayi wina wa zaka 38, wogulitsa usipa wouma, analowa m'chipinda chimene ndimaonera odwala akudandaula za mtima. Ankati akangosenza dengu kuchoka pathandala kukafika kumsewu, mtima umagunda ngati ukufuna kutulukira kukhosi, m'maso mumachita mdima, mpaka amatula katundu n'kuyamba akhala kaye pansi. Ndinawatsitsa chikope kuti ndione mkati mwake. Munali mwambee ngati pepala. Zikhatho nazonso chimodzimodzi.

"Mayi, kumwezi mumatha masiku angati?"

Anayang'ana pansi, nakonza mpango. "Adokotala, zimenezo n'zachizimayi, ndinazizolowera. Ine ndabwerera mtimawu."

Titacheza pang'ono zinadziwika kuti kale ankasamba masiku 4, koma kwa zaka ziwiri tsopano ankatha masiku 9, mwezi wina 10. Masikuwa ankawadziwa bwino osaphonya, chifukwa ndi Msilamu ndipo ankawerenga masiku amene sanaswali. Masiku atatu oyambirira ankasintha nsalu pafupifupi ola lililonse. Mapadi anawasiya, ati ndalama zinkangothera pomwepo. Usiku ankayala pepala lapulasitiki pansi pa chitenje kuti matiresi asaonongeke, ndipo pankatuluka magazi oundana ngati zidutswa za chiwindi. Pa masiku amenewo kumsika sankapita, usipa ankausiya kwa mnzawo.

Panalinso zina zimene iwo sankaziona ngati zogwirizana ndi msambo. Ankadzuka kukataya madzi kanayi kapena kasanu usiku umodzi, popanda kuotcha kulikonse. Anagulapo makapisozi katatu konse pagolosale poganiza kuti ndi matenda a chikhodzodzo, osasintha. Pachinena pankalemera ngati amangirirapo mwala. Mimba inatuluka moti anzawo a kugombe anayamba kuwaseka kuti akubisa pakati, apongozi awo n'kumanena kuti mwina ndi mimba yomangidwa. Ndipo tsiku silinkapita osadya dothi lija amagulitsa m'timapepala pamsika.

Mtima wawo unalibe vuto lililonse. Unkangothamanga chifukwa magazi anali atachepa, ndipo magaziwo ankathera kumwezi. Chimene chinkachititsa ndi zotupa za m'chiberekero zimene kuchipatala timazitchula kuti mafaibuloidi.

Faibuloidi ndi mnofu wa chiberekero chomwecho umene wakula mopitirira pamalo amodzi n'kupanga chibulu cholimba. Chiberekero ndi thumba la mnofu, ndipo cha mayi amene alibe pakati chimatalika masentimita 7 kapena 8, ngati peyala laling'ono. Kachigawo kena ka mnofuwo kamayamba kuchulukana pakokha, n'kumakula pang'onopang'ono kwa zaka. Chotupacho chikhoza kukhala ngati nsawawa, ngati ndimu, ngati papaya, ndipo nthawi zambiri sichikhala chimodzi. Amene anaonapo chitachotsedwa pa opaleshoni amadziwa kuti ndi choyera, cholimba ngati mphira, ndipo ukachidula pakati umaona mizere yozungulirazungulira. Mulibe mafinya, mulibe madzi. Si khansa, sichifalikira ku ziwalo zina, sichipatsirana pogonana, ndipo palibe amene amachitumiza kwa mnzake.

Chimakula ndi mahomoni a mayi omwe aja amayendetsa msambo. N'chifukwa chake simungachipeze mwa mtsikana amene sanathe msinkhu, chimavuta kwambiri pakati pa zaka 30 ndi 50, ndipo mayi akasiya kusamba chimayamba kufota chokha. Amayi akuda timawapeza nacho kwambiri kuposa azungu, chimawayamba akadali achichepere, ndiponso chimayenda m'magazi a pabanja: ngati amayi anu kapena achemwali anu anali nacho, inunso mwayi woti mukhale nacho ndi waukulu. Amayi ambiri ali nazo zotupazi koma sadziwa, ndipo adzakalamba nazo osamva kanthu. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Funso limene odwala amafunsa akangomva za chotupa ndi lakuti, "N'chachikulu bwanji?" Ine ndimafuna kudziwa kaye pamene chakhala. Chotupa chikhoza kumera kunja kwa chiberekero n'kumakulira cha m'mimba, chikhoza kukhala m'kati mwa khoma, kapena chikhoza kutulukira m'chipinda cham'kati momwe mumakhala mwana ndiponso momwe msambo umachokera. Chakunja chija chimatha kukula ngati mutu wa khanda koma msambo n'kumayenda bwinobwino. Vuto lake ndi kupanikiza anzake oyandikana nawo. Kutsogolo kwa chiberekero kuli chikhodzodzo, ndiye chotupa chikachigonera, chikhodzodzo chimadzaza msanga ndipo mayi amakodza pafupipafupi. Kumbuyo kuli matumbo a chimbudzi, ndiye chakumbuyo chimabweretsa kudzimbidwa ndi kuphwanya kwa msana. Chikakulitsa chimatha kufinya timapaipi totsitsa mkodzo kuchoka ku impso, impsoyo n'kumatupa mwakachetechete.

Cham'kati ndiye china. Ngakhale chitakhala ngati dzira la nkhunda, chimatha kumumaliza munthu magazi. Kuti mumvetse, ganizirani momwe msambo umalekera. Kansalu kam'kati mwa chiberekero kakayoyoka, timitsempha tamagazi timatsala totseguka, ndipo chiberekero chimadzifinya kuti titsekeke. Tsopano tengani chitenje chonyowa, mukulungemo mwala, muyese kuchifinya. Mbali zozungulira mwalawo zimatsala zikudontha, ngakhale mutafinya ndi mphamvu zanu zonse. Chiberekero chokhala ndi chotupa m'kati chimavutika chimodzimodzi. Kuwonjezera apo, chotupacho chimatambasula chipinda cham'kati, kansalu koyoyoka kaja n'kukhala kakakulu, ndipo mitsempha yozungulira chotupa imatupa. Magazi amene mayi amaona sachokera m'chotupamo kwenikweni. Amachokera pa kansalu kaja, kamene kalephera kutsekeka msanga.

Mabuku amati msambo wachuluka ukapitirira mamililita 80 pa mwezi, omwe ndi pafupifupi kota ya botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Palibe mayi amene amayeza ndi botolo. Zimene timafunsa n'zosavuta: kodi mukupitirira sabata, kodi padi kapena nsalu ikudzaza pasanathe maola awiri, kodi mumadzuka usiku kukasintha, kodi mumaphatikiza ziwiri, kodi pakutuluka magazi oundana akuluakulu. Mayi wa usipa uja anavomera zonse.

Mayeso oyamba sanali sikani

Anthu ambiri akamva zimenezi amafuna kuthamangira kukajambulitsa. Ena amafika atalipira kale sikani kuchipatala cholipira, pepala lili m'manja, akuti matenda apezeka. Kwa ine sikani imabwera kumapeto, ndipo ndondomekoyi ili ndi zifukwa zake.

Choyamba ndinawatumiza kukapereka mkodzo woyezera mimba. Anaseka. "Adokotala, munthu wosamba chonchi angakhale ndi pakati?" Angakhale nditu. Mimba imene ikufuna kuchoka imataya magazi, mimba yokhala panja pa chiberekero imataya magazi ndipo imapha msanga, komanso mayi wa mafaibuloidi amatha kutenga pakati ngati wina aliyense. Kachipangizo koyezera n'kotchipa, yankho limatuluka pa mphindi zochepa, ndipo mankhwala ena amene tingapereke sayenera kwa woyembekezera. Awo panatuluka mzere umodzi. Analibe pakati.

Chachiwiri chinali magazi. Pa pepala la ku labotale pamalembedwa Hb, ndiwo mlingo wa chinthu chofiira chimene chimanyamula mpweya m'magazi. Kwa mayi amene alibe pakati uyenera kukhala 12 kapena kupitirira. Ukatsika kufika pansi pa 8, magazi achepa kwambiri. Wa mayiwa unali 7.2. Munthu amene watsika kufika apa mwadzidzidzi, monga pangozi ya pamsewu, sangaime. Iwo ankayendabe ndi kusenza madengu chifukwa anatsika pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri, thupi n'kumazolowera. Kuzolowera kumeneku n'kumene kumanyenga amayi ambiri. Dothi lija nalonso linali chizindikiro: thupi likasowa ayironi, chilakolako cha dothi chimabwera, ena amalakalaka mpunga wosaphika kapena ayezi.

Ndimanena kawirikawiri kuti pa mayeso onse, a magaziwa ndi amene amalamula zochita lero. Sikani imatiuza dzina la matenda, koma nambala ya Hb imatiuza ngati mayi apite kunyumba ndi mapiritsi, agonekedwe, kapena apatsidwe magazi. Tinayezanso malungo, chifukwa kuno kunyanja kuchepa kwa magazi sikukhala ndi mwini mmodzi: malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zonse zimadya nawo. Malungo sanapezeke.

Chachitatu ndi manja. Atagona chagada, ndinagwira pamimba. Chiberekero chabwinobwino sichigwirika pamimba, chimabisala kuseri kwa fupa la pachinena. Timayamba kuchimva chikakula ngati cha mimba ya masabata 12, ndipo chikafika pamchombo timati ndi cha masabata 20. N'chifukwa chake m'buku lanu la kuchipatala mukhoza kuona atalemba masabata pomwe mulibe pakati, musadabwe, ndi muyeso chabe wa kukula. Cha mayiwa chinali pakati pa fupa ndi mchombo, ngati masabata 16, cholimba, cha mabampu ngati thumba la mbatata, chosapweteka pochigwira. Chiberekero cha mimba chimakhala chofewa ndi chosalala, choncho kusiyana kwake dzanja limakumva.

Kenako, anesi ali pomwepo, tinayeza njira ya amayi: zala ziwiri zovala magolovesi m'kati, dzanja lina pamimba. Apa timafuna kudziwa ngati chotupa chili pa chiberekero kapena pambali pake. Ndikakankha chotupa pamimba, khomo la chiberekero n'kuyenda nacho, ndiye kuti ndi chinthu chimodzi. Chotupa cha thumba la mazira kawirikawiri chimayenda pachokha. Cha mayiwa chinkayenda pamodzi ndi khomo.

Pali muyeso wina umene amayi ambiri amaukana, ndipo ndi umene ndimaumirira kwambiri. Ndi woika kachitsulo kotsegula njira kuti tione khomo la chiberekero ndi maso. Ndikudziwa kuti n'zochititsa manyazi, makamaka woyeza akakhala bambo, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti akuyezeni mayi mnzanu kapena kuti anesi akhalepo. Koma sikani siiona bwino khomo la chiberekero, ndipo pakhomo pamenepo m'pamene pamakhala matenda awiri amene amataitsa magazi amayi a kuno.

Oyamba ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Timapaka viniga pakhomopo, n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kudwala amayera. Mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 amayenera kuyezedwa ngakhale asakumva kanthu, nanji amene akutaya magazi. Achiwiri ndi likodzo. Anthu amalidziwa ngati matenda a ana okodza magazi, koma kwa mayi amene amachapa, kusamba ndi kutsuka mbale m'nyanja ya Malawi, ku Malombe kapena mu Shire, mazira a likodzo amatha kukhazikika pakhomo la chiberekero ndi m'njira ya amayi. Pamaoneka timadontho ngati mchenga, ndipo pamatuluka magazi pakangokhudzidwa. Mkodzo ukhoza kuyezedwa osapezeka kanthu, likodzo lili pakhomopo.

Apa m'pamene mfundo ija ndinati muisunge ikubwerera. Popeza amayi ambiri ali ndi mafaibuloidi osawavuta, sikani imatha kupeza chotupa chimene chilibe mlandu. Ndinaonapo mayi wina wa zaka za m'ma 40 amene anasunga pepala la sikani chaka chathunthu, akumwa mapiritsi a magazi, atauzidwa kwina kuti vuto ndi faibuloidi. Chotupacho chinalipodi, chaching'ono, chakunja. Koma magazi ake ankatuluka akakhala ndi bambo kunyumba ndiponso pakati pa mwezi, ndipo palibe amene anayang'anapo khomo la chiberekero. Titayang'ana tinapeza chilonda chimene chinali chitapita patali. Mafaibuloidi amachulukitsa ndi kutalikitsa msambo, koma kawirikawiri msambowo umabwerabe pa nthawi yake. Magazi otuluka mukatha kugonana, otuluka pakati pa mwezi, otsagana ndi chikazi chonunkha, kapena obwera mutasiya kale kusamba, musawaike pa faibuloidi mpaka khomo ndi m'kati mwa chiberekero zitayezedwa. Njira zolerera nazonso timazifunsa: jakisoni ndi kachipangizo ka pamkono zimasokoneza msambo, ndipo lupu ya kopa imauchulukitsa.

Khomo la chiberekero la mayi wa usipa linali labwinobwino, viniga sanaonetse kanthu, mchenga wa likodzo panalibe. Apo ndiye tinapita ku sikani.

Zimene makina anaona

Sikani imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso limene khutu silimva. Ndi makina omwe aja amaunikira mwana m'mimba, sapweteka ndipo saotcha. Ekiselo wamba sathandiza pa nkhaniyi chifukwa amaonetsa bwino mafupa, mnofu ayi. Pojambula pamimba amakuuzani kuti mumwe madzi ambiri, makapu atatu kapena anayi, ndipo musakodze kwa ola limodzi. Si nkhanza. Chikhodzodzo chodzaza chimakankhira matumbo kumbali n'kukhala ngati windo loonera chiberekero, pomwe mpweya wa m'matumbo umatchinga chithunzi. Kwa mayi amene chotupa chagonera chikhodzodzo, ola limenelo ndi lalitali kwambiri. Mayiwa ankangoyendayenda pakhonde akuluma mano, ndipo tinapempha anzawo apamzere kuti alowe msanga.

Pa sikirini faibuloidi imaoneka ngati chibulu chozungulira, chakuda pang'ono kuposa mnofu wozungulira, ndipo kumbuyo kwake kumagwa mizere ya mthunzi. Wojambula amayeza kukula kwa chiberekero chonse, amawerenga zotupa, amayeza chilichonse, n'kuona ngati mzere wa chipinda cham'kati uli woongoka kapena wapindika. Amayang'ana matumba a mazira onse awiri, ndipo chiberekero chikakhala chachikulu ayenera kukwezanso makina m'nthiti kuona impso.

Mayiwa anapezeka ndi zitatu. Chachikulu, cha masentimita 8, chinali kutsogolo, chotulukira kunja, chitagonera chikhodzodzo mpaka chikhodzodzocho kupindika. Chimenecho ndicho chinkawadzutsa usiku ndi kuwatulutsa mimba. Chachiwiri, cha masentimita 4, chinali m'khoma lakumbuyo, ndipo mwina sichinkachita kanthu. Chachitatu sichinaoneke bwino pamimba. Wojambula anangoona kuti mzere wam'kati wakhota, ndiye anawauza kuti akakodze, n'kujambulanso ndi kachipangizo kowonda kolowetsa m'njira ya amayi. Kameneka kamafika pafupi ndi chiberekero ndipo kamaona tinthu ting'onoting'ono timene ka pamimba kamaphonya. Apo chinaoneka: masentimita awiri ndi theka, chitatulukira m'chipinda cham'kati. Impso zinali bwino.

Nditawaonetsa chithunzi, chala chawo chinapita pa chachikulu chija. "Ndiye chimenechi, adokotala?"

"Chimenechi n'chimene chikukukodzetsani, mayi. Chimene chikukumalizani magazi ndi ichi," ndinaloza kaching'ono kaja.

Anakayang'anitsitsa. "Kameneka? Kochepa ngati nthudza?"

Pepala la sikani limalembedwa m'Chingerezi, ndiye ndi bwino kudziwa mawu ochepa. Chotupacho amachilemba fibroid kapena myoma, n'chimodzi. Mukaona subserosal ndi chakunja chija, intramural ndi cha m'khoma, submucosal ndi cham'kati. Pepala limene langonena kuti muli zotupa, osanena kuti zingati, zazikulu bwanji, zili pati, ndi losakwanira. Funsani wojambulayo musanatuluke, chifukwa dokotala amene adzasankhe chithandizo adzafuna zimenezo, ndipo kubwereranso kuchoka ku Makanjira kapena ku Namwera chifukwa cha mzere umodzi wosalembedwa ndi ndalama zambiri za thiransipoti.

Sikani ili ndi malire ake. Imadalira kwambiri diso la wojambula ndi mphamvu ya makina. Pali matenda ena amene kansalu kam'kati kamamerera m'khoma la chiberekero, chiberekero n'kukula chonse mofanana, msambo n'kumachuluka ndi kupweteka koopsa. Pa sikani amatha kufanana ndi mafaibuloidi, koma mulibe chibulu choti dokotala angachisende n'kuchichotsa. Faibuloidi yolendewera pa kamchira kunja kwa chiberekero imatha kuoneka ngati chotupa cha thumba la mazira, ndipo kusiyanitsa n'kofunika chifukwa zotupa zina za thumba la mazira ndi khansa. Kachotupa kakang'ono kam'kati kamatha kusokonezeka ndi kanyama kofewa komera pa kansalu kaja. Pamenepa madokotala a amayi amathira madzi amchere ochepa m'chiberekero kudzera pa kapaipi kowonda kwinaku akujambula. Madziwo amatsegula chipinda, chilichonse chimene chatulukiramo n'kuoneka ngati chilumba. Njira ina ndi kulowetsa kakamera kudzera pakhomo la chiberekero n'kuona ndi maso. Makina aakulu otchedwa MRI amaonetsa bwino koposa, koma amapezeka m'mizinda ikuluikulu, ndi okwera mtengo, ndipo amayi ambiri sawafunikira n'komwe.

Chinanso chimene sikani singanene motsimikiza n'chakuti kansalu kam'kati kalibe khansa. Mayi wa zaka 45 kupita m'tsogolo amene akutaya magazi mosadziwika bwino, kapena wocheperapo koma wonenepa kwambiri, wa shuga, kapena amene mankhwala sakumuthandiza, amafunika kutengedwa kanyama kochepa m'kati mwa chiberekero kuti kakaunikidwe ku labotale. Mayi wa usipa sanafike pamenepo: anali ndi zaka 38, msambo unkabwera pa nthawi yake, ndipo chifukwa chake chinaoneka. Palinso khansa ya mnofu wa chiberekero imene imatha kuvala nkhope ya faibuloidi. Ndi yosowa kwambiri, ndipo sindifuna kuti wina asowe tulo nayo. Timaiganizira makamaka chotupa chikamakula mayi atasiya kale kusamba, nthawi imene chimayenera kumafota.

Mayeso ambiri amene ndafotokozawa, a mkodzo, a magazi, a manja ndi a viniga, safuna makina aakulu. Sikani ndiyo imafuna kupita kuchipatala chachikulu monga cha boma ku Mangochi, ndipo zimene zavuta amazitumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli madokotala a matenda a amayi. Tsiku labwino lopita ndi pamene msambo wangotha kumene, chifukwa khomo limaoneka bwino popanda magazi ndipo kansalu kam'kati kamakhala kopyapyala. Koma ngati padi ikudzaza ola lililonse kwa maola angapo, mukuchita chizungulire kapena mwakomokapo, mkodzo wakanika kutuluka, kapena m'mimba mwayamba kupweteka mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, zodikira kuti msambo uthe palibe. Pitani tsiku lomwelo.

Mayiwa sitinawaike magazi, popeza msambo unali utatha ndipo ankatha kuyenda okha. Tinawapatsa mapiritsi a ayironi, n'kuwachenjeza kuti chimbudzi chidzada, asachite mantha, ndiponso kuti asamamwere tiyi chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Tinawalemberanso mapiritsi ochepetsa kutaya magazi, amene pabokosi pake pamalembedwa tranexamic acid, omwa pa masiku a msambo okha. Ndinawauza mosabisa kuti palibe piritsi pa amenewa limene lingasungunule chotupa, ndipo mankhwala azitsamba otsuka m'mimba amene mnzawo anawalonjeza sangachitulutse, chifukwa chotupacho sichili m'matumbo. Lupu ya mahomoni imathandiza amayi ambiri otaya magazi, koma kwa iwo sinali yoyenera chifukwa chipinda cham'kati chinali chokhota ndipo ikanatha kutuluka yokha.

Za opaleshoni tinakambirana njira ziwiri. Ina ndi yochotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero, imene imayenera mayi wofunabe kubereka, ngakhale kuti zotupa zina zimatha kudzameranso. Ina ndi yochotsa chiberekero chonse, imene imathetseratu msambo ndi kubereka komwe. Ana anali nawo atatu, wotsiriza wa zaka 9. Komabe anati sangayankhe okha, akakambirane kaye ndi bambo a kunyumba ndi achemwali awo aakulu. Ndinavomera, chifukwa ngakhale akanafuna tsiku lomwelo, palibe dokotala amene angakonde kutsegula pamimba munthu wa Hb 7.2 pa opaleshoni yosafulumira.

Anabweranso patatha masabata 8, bambo ali pambuyo atanyamula buku la kuchipatala. Hb inali 10.4. Msambo unali utatsika kufika masiku 7, magazi oundana atachepa, koma usiku ankadzukabe kanayi, popeza chachikulu chija chinali pomwepo. Bambowo anafunsa funso limene abambo ambiri amalizungulira, ngati mkazi wochotsedwa chiberekero amakhalabe mkazi m'nyumba. Ndinawajambulira papepala kuti njira ya amayi imatsala momwe ilili, ndipo matumba a mazira, amene amapanga mahomoni, kawirikawiri amasiyidwa kwa mayi wa msinkhu umenewu. Anagwedeza mutu, napinda pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya. Ndinalemba kalata yowatumiza kwa dokotala wa amayi, ndi mapiritsi a ayironi a miyezi ina itatu.

Ali pakhomo kutuluka, mayiwo anatembenuka. "Adokotala, dothi lija ndinasiya. Ndinagula sabata yatha, n'kuliika mkamwa, ndinalavula. Likungomveka dothi basi."